Kulipira masheya sikokwanira, dzina lanu lilowe m'kaundula

Anthu ambiri amene amabwera kwa ine ndi nkhani ya masheya amafika ndi pepala la mgwirizano losainidwa bwino, lokhala ndi mboni ziwiri, nthawi zina ndi chidindo cha amfumu. Ndalama analipira kalekale. Ndikawafunsa ngati dzina lawo lili m'kaundula wa eni masheya, amandiyang'ana modabwa. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa kampani imadziwa mwini sheya poona kaundula ameneyu. Amene walembedwamo ndiye amaitanidwa ku msonkhano, ndiye amavota, ndiyenso amalandira phindu likagawidwa.

Ndikunena za makampani ang'onoang'ono a anthu ochepa, olembetsedwa pansi pa lamulo la makampani la 2013. Masheya ogulitsidwa pa msika wa masheya ku Blantyre ali ndi njira yawoyawo yodzera kwa mabuloka, amene amagula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu ena.

Tiyerekeze kampani yogula soya ndi mtedza pa Kasungu boma, ya masheya 1,000. Bambo amene anaiyambitsa ali ndi 500, mlongo wawo ali ndi 250, mnzawo wakale ali ndi 250. Mnzawoyu wapanikizika ndi ngongole ya feteleza, ndipo akufuna kugulitsa masheya 150 kwa mayi wina wa bizinesi wa ku Santhe, pa K20,000 sheya imodzi, zonse K3,000,000.

Choyamba sikusaina ayi, koma kutsegula malamulo a kampaniyo. M'makampani ambiri otere muli ndime yoti wofuna kugulitsa ayambe wauza eni masheya anzake, ndipo iwo ndiwo oyamba kupatsidwa mwayi wogula, aliyense molingana ndi gawo lake. Apa bambo aja ali ndi kawiri ka zimene ali nazo mlongo wawo, choncho iwo angagule 100, mlongoyo 50. Ngati malamulowo akupereka masiku oti anthu aganize, masikuwo adikiridwe. Ngati onse awiri sakufuna, alembe kalata yokana ndi kusaina. Mawu oti "tinakambirana pa maliro, anati palibe vuto" ndawamva kangapo, ndipo sathandiza tsiku limene mlongoyo wasintha maganizo. Ine sindilola kuti wogula atulutse ndalama ndisanaone makalata okanawo ndi maso anga.

Zikatero pamalembedwa fomu yosamutsira masheya. Ndi pepala lalifupi: dzina la kampani, dzina ndi keyala ya wogulitsa ndi wogula, kuchuluka ndi mtundu wa masheya, mtengo, tsiku, ndi siginecha. Dzina la wogulitsa lifanane ndendende ndi limene lili m'kaundula. Fomuyi imayenda limodzi ndi satifiketi yakale ya masheya 250 ija. Satifiketi ikakhala kuti inatayika kapena inadyedwa ndi chiswe, wogulitsa amalemba chikalata cholumbira kuti yatayikadi, ndi kulonjeza kuti adzalipira kampani ngati wina adzatulukira nayo. Izi sizochitira mwambo chabe, chifukwa satifiketi "yotayika" nthawi zina imakhala ili kwa munthu wa katapila ngati chikole.

Pa chidindo ndi pamene anthu amasokonezeka kwambiri. Chidindo cha labala chimene chimakhala mu dulowa ya kampani sichimene tikunena. Tikunena za msonkho wa sitampu, umene boma limaika pa zikalata zina. Fomu imaperekedwa ku ofesi ya boma yoona za msonkhowu, ndipo iwo ndiwo amanena ngati chikalatacho chili ndi msonkho ndi kuchuluka kwake, n'kuchidinda. Musawerengere nokha potengera zimene munalipira pogula puloti, chifukwa mtundu uliwonse wa chikalata uli ndi kawerengedwe kake. Kudindaku n'kofunika chifukwa chikalata choyenera msonkho koma chosadindidwa khoti likhoza kukana kuchilandira ngati umboni mpaka msonkho ndi chilango chake zitalipidwa. Munthu amazindikira zimenezi mlandu utafika kale.

Ndiyenera kunenanso za mtengo wolembedwa pa fomu. Ena amalemba K500,000 pamene analipira K3,000,000, poganiza kuti azemba msonkho, pakuti phindu limene wogulitsa wapeza a MRA amalifunsa. Kunama kotereku ndi mlandu, komanso kumapweteka wogula mwini wake. Malondawo akadzasokonekera, mayi wa ku Santhe adzafuna K3,000,000 yake, koma pepala limene anasaina yekha likunena K500,000. Tsiku limene iye adzagulitse masheyawo, phindu lake lidzaonekanso lalikulu kuposa mmene lilili.

Kenako nkhani imafika kwa madailekitala. Mlembi wa kampani amaika pa tebulo fomu, satifiketi yakale ndi makalata okana aja, ndipo iwo amagamula zovomereza kapena kukana. Makampani ena amavomereza fomu isanadindidwe, n'kulemba kuti dzina lilowa m'kaundula ikadindidwa, ndipo zimenezi zili bwino bola zilembedwe. Chigamulo chilowe m'maminitsi, motchula tsiku, amene analipo, masheya 150, wogulitsa ndi wogula. Kukana kumatheka, monga ngati masheyawo sanalipiridwe onse kapena ndime ya mwayi woyamba inalumphidwa, koma chifukwa chake chikhale chochokera m'malamulo ndiponso chokomera kampani, osati mangawa a pa banja. Wokanidwa auzidwe polemba.

Kulemba m'kaundula kumatenga mphindi zochepa, koma ndiko kumene kumasiyidwa kawirikawiri. Pa tsamba la wogulitsa mlembi amalemba tsiku ndi kuti masheya 150 achoka, atsala 100. Amatsegula tsamba latsopano la mayi uja: dzina, keyala, masheya 150, tsiku lolowera. Safufuta zakale, sapaka choyeretsa, chifukwa mbiri ya sheya iliyonse iyenera kuoneka kuchokera pachiyambi. Satifiketi ya 250 imathetsedwa n'kusungidwa pamodzi ndi fomu, ndipo pamatuluka ziwiri zatsopano, ya 100 ndi ya 150. Akamaliza aphatikize: 500, 250, 100 ndi 150 zikwane 1,000. Zikapitirira kapena kuperewera, penapake palakwika. Kusinthaku kuonekenso pa zikalata zimene kampani imatumiza ku ofesi yolembetsa makampani, monga lipoti la chaka ndi chaka.

Taonani chimene chimachitika mlembi akazengereza. Soya wayenda bwino, kampani yagawa phindu la K2,000,000, kutanthauza K2,000 pa sheya. Gawo la masheya 150 ndi K300,000. Kaundula akadali ndi dzina la wogulitsa, ndiye ndalamayo imapita kwa iye. Mayi uja angathe kuitsatira kwa wogulitsayo, koma umenewo ndi mkangano wa awiriwo. Wogulitsayo akamwalira zinthu zili chomwechi, abale amawerengera masheya onse 250 pa chuma cha masiye, ndipo mayiyo amayamba kufotokozera anthu amene sanaonepo ndalama yake. Khoti lalikulu lili ndi mphamvu yolamula kuti kaundula akonzedwe, koma kuchokera ku Santhe kupita ku Lilongwe ndi loya, ndalama zake zikhoza kudya gawo lalikulu la masheyawo.

N'chifukwa chake ndimalangiza wogula kuti asapereke ndalama zonse tsiku losaina. Mgwirizano unene kuti gawo lomaliza lidzaperekedwa akaona zinthu zitatu: fomu yodindidwa, kope la maminitsi a madailekitala, ndi tsamba la kaundula lokhala ndi dzina lake. Tsambalo alione yekha ku ofesi ya kampani, ayerekeze dzina ndi la pa chiphaso chake cha unzika, atenge kope losainidwa ndi mlembi, ndipo akatero alandire satifiketi yake n'kumaliza kulipira.