Kalata yopempha inshuwalansi kukubwezerani katundu wobedwa m'nyumba

Akuba akathyola nyumba, kampani ya inshuwalansi imaweruza nkhaniyo pamapepala atatu: kalata ya mwini nyumba, mndandanda wa katundu wobedwa, ndi lipoti la apolisi. Wogwira ntchito amene alandire pempholo sanalowepo m'nyumba mwanu ndipo sanauonepo katunduyo, choncho chimene amachita ndicho kuika mapepala atatuwa pamodzi n'kuona ngati akunena zofanana. Mapempho ambiri amene amachedwa kapena kudulidwa ndi a anthu amene anaberedwadi, koma mapepala awo akusemphana.

Kusemphanaku kumayambira pa polisi pomwe. Munthu amapita kukanena nkhani m'mawa wa tsiku limene waberedwa, mtima usanakhazikike, ndipo amatchula zinthu zikuluzikulu zimene maso ake aona kuti palibe, monga wailesi ya kanema ndi laputopu. Patapita masiku awiri kapena atatu ndi pamene amazindikira kuti simbi yositira, wotchi, nsapato ndi makina osokera nazonso zinapita. Akalemba kalata yokhala ndi zinthu khumi ndi ziwiri pamene lipoti la apolisi lili ndi zinayi, wa inshuwalansi amafunsa kumene zinazo zachokera, ndipo funsolo ndi loyenera. Njira yake ndi yosavuta: musanatumize mndandanda womaliza, yendani chipinda ndi chipinda, tsegulani makabati ndi masutikesi, lembani zonse zosowa, kenako mubwerere ku polisi komweko mukapereke sitetimenti yoonjezera pa nambala ya mlandu yomweyo. Mukatero, lipoti limene muphatike ku kalata lidzakhala ndi katundu yense, kapena pakhala pepala lachiwiri la chidindo cha apolisi lotsimikiza zoonjezerazo.

Izi sizikutanthauza kuti mukhale chete mpaka mapepala onse akwane. Pangano la inshuwalansi limakhala ndi ndime yonena nthawi imene muyenera kudziwitsa kampani, ndipo mapangano ambiri amati mudziwitse mwamsanga, kenako tsatanetsatane afike m'masiku amene alembedwa m'ndimeyo. Imbani foni kapena lembani uthenga waufupi tsiku lomwelo, funsani nambala ya pempho lanu, ndipo sungani dzina la amene mwalankhula naye. Ngati lipoti la apolisi likuchedwa kutuluka, tumizani kalata ndi nambala ya mlandu, n'kunena kuti lipotilo libwera pambuyo, chifukwa kuchedwa kwa apolisi sikumaimitsa masiku a m'pangano.

Kalatayo iyenera kukhala yaifupi, tsamba limodzi ndi lokwana. Pamwamba pakhale dzina lanu monga linalembedwera m'pangano, nambala ya pangano, nambala ya pempho ngati mwapatsidwa, ndi adiresi ya nyumba imene yathyoledwa, imene iyenera kukhala yomwe ija inalembetsedwa ku inshuwalansi. Ndime yofotokoza zimene zinachitika ndiyo imafuna kusamala koposa, ndipo mwachitsanzo ingalembedwe motere:

"Ndinachoka panyumba Loweruka pa 14 Malichi cha m'ma 6 koloko madzulo nditakhoma zitseko zonse ndi kutseka mawindo. Nditabwerako Lamulungu pa 15 Malichi cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinapeza chitseko cha kukhitchini chili chotsekula, loko wake atathyoledwa ndipo felemu itang'ambika. Ndinakanena ku polisi tsiku lomwelo, ndipo pa 18 Malichi ndinakapereka sitetimenti yoonjezera. Ndikupempha kuti mundibwezere katundu amene ali pamndandanda umene ndaphatika, pamodzi ndi ndalama zokonzera chitseko, molingana ndi pangano lathu."

Taonani kuti wolembayo sanatchule ola limene akuba anafika, popeza sakulidziwa, koma watchula nthawi imene anachoka ndi imene anabwerera. Sanaloze chala munthu aliyense. Ngati muli ndi munthu amene mukumukayikira, nkhaniyo ndi ya apolisi, ndipo m'kalata ya inshuwalansi mulembe zokhazo zimene munaona ndi maso anu. Mawu onena za loko wothyoledwa ndi felemu yong'ambika ali ndi ntchito yaikulu, chifukwa mapangano ambiri a kuba amalipira pokhapokha pali umboni woti wakuba analowa kapena kutuluka mwamphamvu. Amene anasiya zenera lotsekula, kapena amene kiyi wake anatengedwa pamalo pamene amabisa, angapeze kuti pangano lake silikumuteteza. Pa chifukwa chimenechi, jambulani chitseko, loko, zitsulo za pawindo ndi zipinda zonse musanakonze kapena kusesa. Kutseka nyumba kuti isaberedwenso ndi udindo wanu ndipo musazengereze, koma loko wakaleyo musamutaye, ndipo lisiti la kalipentala mulisunge. Onaninso ngati pangano lili ndi ndime ya nyumba yosiyidwa yopanda munthu, pakuti mapangano ambiri amachepetsa chitetezo nyumba ikakhala choncho kupitirira masiku 30 kapena 60 motsatizana.

Mndandanda ndi pamene pagona ndalama, ndipo ulembedwe papepala lakelake. Chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wake wonena dzina lake, kampani imene inachipanga, mtundu wake, nambala ya siriyo, chaka chimene chinagulidwa, ndalama zimene chinagulidwira, ndalama zogulira china chofanana nacho lero, ndi umboni umene mwaphatika. Kulemba kuti "wailesi ya kanema" basi kumasiyira wowerengetsa ufulu woganizira wailesi yotsika mtengo kwambiri, pamene kulemba kukula kwake m'mainchesi, mtundu ndi chaka kumamumanga kuti awerengere chinthu chenichenicho. Foni iliyonse ili ndi nambala ya IMEI ya manambala 15, imene imalembedwa pakatoni yake ndipo imaonekanso mukaimba *#06# foniyo ikadali m'manja mwanu. Nambala imeneyi ipite kwa apolisi ndi kwa inshuwalansi mofanana. Zovala ndi ziwiya mungaziike m'magulu, koma gulu lililonse likhale ndi chiwerengero, monga mabulangete anayi kapena nsapato zachikopa mapeyala atatu.

Anthu ambiri amataya mtima chifukwa malisiti anasowa kalekale, komabe lisiti ndi umboni umodzi chabe mwa maumboni ambiri. Sitetimenti ya ku banki yoonetsa tsiku limene munalipira, khadi la galanti, kabuku ka malangizo, katoni, rimoti kapena chaja chimene akuba anasiya, ngakhale chithunzi cha pabanja chimene chikuonetsa wailesiyo kumbuyo kwa anthu, zonsezi zimathandiza kusonyeza kuti chinthucho chinalipo ndipo chinali chanu. Pamene mulibe umboni uliwonse, lembani poyera kuti mulibe ndipo mtengo mwangoyerekeza. Tumizani makope, ndipo mapepala enieniwo akhale nanu kufikira atawapempha.

Ndalama zimene mudzalandire kawirikawiri zimakhala zochepa kuposa zimene zili pansi pa mndandanda wanu, ndipo ndi bwino kudziwiratu chifukwa chake. Mapangano ena amagula chatsopano m'malo mwa chakale, koma ena amalipira mtengo umene chinthucho chinali nawo tsiku limene chinabedwa, atachotsa kutha kwake. Tiyerekeze kuti pangano ndi la mtundu wachiwiriwu, wailesi ya kanema yagwira ntchito zaka zitatu, ndipo kampani ikuwerengera kuti wailesi yotere imatha magawo 20 pa 100 a mtengo wa yatsopano chaka chilichonse. Pamenepo yatsala ndi magawo 40 pa 100 a mtengo wa yatsopano. Tsopano tiyerekezenso kuti wowerengetsa wa kampani, amene ambiri amangomutcha asesa, wabwera kunyumba n'kupeza kuti ndalama imene munalembetsa ikungokwana magawo 60 pa 100 a mtengo wa katundu yense wa m'nyumbamo. Ngati pangano lili ndi ndime yodula malipiro pa chifukwa cholembetsa mopelewera, kampani idzalipira magawo 60 pa 100 a zimene mwataya, kotero kuti pa wailesi ija mudzalandira magawo 24 okha pa 100 a mtengo wa yatsopano. Pa zonse pamodzi adzachotsanso ekisesi, imene ndi ndalama yoyamba imene munavomera kusenza nokha pa pempho lililonse. Zinthu zodula monga ndolo, mikanda ya golide, mawotchi ndi makamera zimakhala ndi malire akeake ngati sizinalembetsedwe pazokha, ndipo ndalama zosungidwa m'nyumba zimabwezedwa pang'ono kapena osabwezedwa n'komwe.

Poona kudula kotereku, ena amayesedwa kukweza mitengo kapena kuonjezera chinthu chimodzi chimene sichinabedwe, poganiza kuti akadula zidzafanana. Langizo langa pamenepa ndi lolimba: musayese. Mapangano amakhala ndi ndime yonena za chinyengo, ndipo bodza la pa chinthu chimodzi lingathe kugwetsa pempho lonse, kuphatikizapo zinthu zimene zinabedwadi, komanso kuthetsa pangano. Asesa waluso amayang'ana zinthu zing'onozing'ono, monga ngati malo amene akuti panali firiji angakwanedi firiji ya msinkhu umene walembedwa, kapena ngati chinthu chachikulu chotero chikanadutsa pazenera limene akuba analowera. Ngati chinthu china chinali cha mlendo, cha ku ntchito, kapena munali musanamalize kulipira ngongole yake, nenani zimenezo pamndandanda, chifukwa kampani imabwezera molingana ndi gawo limene munthu ali nalo pa katunduyo.

Kumapeto kwa kalata tchulani mapepala onse amene mwaphatika, limodzilimodzi ndi nambala yake, kuti pasadzakhale kukangana kuti lipoti la apolisi silinafike. Nenani ngati katundu yemweyo ali ndi inshuwalansi ina, perekani nambala ya foni imene asesa angakupezereni, ndipo sainani n'kulemba tsiku. Mukapereka pamanja, pemphani chidindo pa kope yanu, ndipo mukatumiza pa imelo, sungani uthenga wosonyeza kuti walandiridwa.

Kampani ikayankha ndi ndalama imene simukugwirizana nayo, pemphani kuti akulembereni mmene awerengera chinthu chilichonse musanasainire fomu yovomereza malipiro, popeza fomu imeneyi nthawi zambiri imanena kuti nkhani yatha. Ngati mwaona kuti alakwitsa chaka chimene munagula kapena mtundu wa chinthu, yankhani polemba ndi umboni wake. Ndipo apolisi akadzapeza katundu wina kampani italipira kale, muyenera kuidziwitsa, chifukwa katundu amene walipiridwa amakhala wa kampani, pokhapokha mutagwirizana kuti mumutenge n'kubweza ndalama imene munalandira pa chinthucho.