Moni wa pa vidiyo: masekondi khumi oyamba

Mukadina batani lolowera pa msonkhano wa pa vidiyo, chithunzi ndi mawu sizifika nthawi imodzi. Kawirikawiri nkhope yanu imayamba kuoneka maikolofoni isanalumikizidwe. Pa Zoom, munthu akangolowa pamatha kuoneka mawu akuti "Connecting to audio" pafupi ndi dzina lake, kusonyeza kuti mukumuona koma iye sanayambe kukumvani. Mahedifoni a Bluetooth nawonso amatenga kanthawi asanayambe kutola mawu. N'chifukwa chake moni wa munthu amene wangolowa n'kuyamba kulankhula nthawi yomweyo amangothera m'malere, anzake n'kumangoona milomo ikugwedera.

Mukalowa, musafulumire kutsegula pakamwa. Yang'anani kamera, kwezani dzanja pang'ono, ndipo onani kachizindikiro ka maikolofoni. Kakakhala kodulidwa ndi mzere, ndiye kuti mwatsekedwa. Kutsegula kwake pa kompyuta ya Windows ndi Alt+A pa Zoom, Ctrl+Shift+M pa Teams, ndi Ctrl+D pa Google Meet. Kenako perekani moni wotchula amene mukumulonjera, chifukwa pa sikirini palibe amene angadziwe kuti maso anu ali pa yani. "Muli bwanji nonse?" amachititsa anthu asanu kuyankhira pamodzi kapena onse kukhala duu. "Mayi wapampando, mwadzuka bwanji?" amapeza yankho limodzi, ndipo yankholo ndi umboni wakuti mawu akuyenda mbali zonse ziwiri. Ine ndimaona kuti moni wotere ndi wabwino kuposa kufunsa kuti "Mukundimva?", popeza amagwira ntchito yomweyo koma ulemu uli momwemo.

Chovuta kwambiri chimabwera mukatha kupereka moniyo. Anthu akamacheza maso ndi maso, mpata wa pakati pa mawu a wina ndi yankho la mnzake umakhala waufupi zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Makutu athu anazolowera zimenezo. Bungwe la ITU, loona za matelefoni ndi mauthenga pa dziko lonse, m'malangizo ake a G.114, limati mawu akamachedwa ndi mamilisekondi osapitirira 150 kuti afike kwa winayo, kucheza kumayenda bwino, koma kupitirira 400 n'kosayenera, ndipo sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000.

Tiyerekeze kuti netiweki yafooka ndipo mawu akuchedwa ndi theka la sekondi. Mwanena kuti "Mwaswera bwanji?" Mawuwo afika kwa mnzanu patapita masekondi 0.5. Iye wayankha mwachangu, patangopita 0.2, koma yankho lake likufunanso 0.5 kuti likufikeni. Kwa inu papita masekondi 1.2 kuli zii. Mukuganiza kuti sanamve, mwabwereza, ndipo mawu anu awombana ndi yankho lake. Nonse mwasiya. Nonse mwati "pitirizani", mwawombananso. Palibe wamwano pamenepa, aliyense akulankhula pa nthawi imene kumbali kwake ikuoneka yoyenera.

Mankhwala ake ndi kudikira mwadala. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka katatu musanabwereze. Mukawombana, mmodzi anene kamodzi kokha kuti "Yambani inu, bambo," kenako akhaledi chete mpaka winayo atayamba, ngakhale kukhala cheteko kuoneke kotalika. Pomaliza mfundo, sonyezani kuti mwamaliza potchula woti alankhule. Chepetsaninso timawu tovomereza monga "eya" ndi "inde" mnzanu ali mkamwa, chifukwa timafika mochedwa n'kumudula pakati pa chiganizo china. Kugwedeza mutu n'kokwanira. Ngati chithunzi chikuuma ndipo mawu akudukaduka, zimitsani kamera mutapereka moni, poti vidiyo imadya netiweki yambiri kuposa mawu.

Nanga mnzanu akamalankhula koma osamveka? Musamusiye atalikitse, ndipo musakuwe nonse. Mmodzi amutchule n'kunena kuti "Sitikukumvani, maikolofoni ndi yotseka," akuloza khutu, popeza n'kutheka kuti iyenso sakumva. Pa Google Meet woyendetsa msonkhano angathe kutseka maikolofoni ya munthu koma sangamutsegulire, mwiniwake ndiye atsegule. Ngati kachizindikiro kakuonetsa kuti n'kotsegula koma mawu kulibe, vuto lili kwina. Mwina kabatani ka pa mahedifoni n'kotseka, kapena pulogalamuyo yasankha maikolofoni ina. Pa Zoom kachizindikiroko kamathwanima mobiriwira mukamalankhula, ndiye kakapanda kutero dinani kamuvi ka pambali pake musankhe chipangizo choyenera.

Amene mwauzidwa kuti simumamveka, tsegulani, pumani sekondi imodzi kuti mawu oyamba asadulidwe, nenani "pepani" kamodzi, n'kuyambiranso pa moni.