Kubuloka munthu sikuchotsa nambala yanu pa positi

Sabata iliyonse pamabwera munthu ku ofesi kwathu, kumene ndimathandiza anthu kuchotsetsa zokhudza iwo pa intaneti, kapena kundiimbira, nkhani yake imodzimodzi, wina waika nambala yanga pa Facebook anthu akungondiimbira usiku onse. Ndikafunsa kuti ndiye mwapangapo chani, yankho limakhala loti ndamubuloka kale. Abale, ndatopa nayo imeneyi. Mukabuloka munthu mwangodzitseka maso inuyo, positi ija ikadalipo, dziko lonse likuiona kupatula inu eni ake. Chimodzimodzi kudina Hide post, kumeneko ndi kubisa pa foni yanu yokha basi. Ndipo choipa kwambiri nchoti mukabuloka, positi ya munthu uja simungaipezenso pa akaunti yanu, ndiye mulipota chani, apolisi muwaonetsa chani?

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe mpaka pano. Anasiyana ndi bambo amene anali naye pa ubwenzi, bamboyo anatenga chithunzi chake nkuika mu gulupu ina ya anthu ambirimbiri, analemba ngati mayiyo akufuna amuna, nambala yake pompo, kenako nkulondolera kunyumba, mukatsika pa siteji yakuti mukhote pa chigayo, geti lobiriwira. Mayiyo ndi manyazi anabuloka bamboyo, anatuluka mu gulupu muja, nkukhala chete masabata atatu kuganiza kuti zizizira zokha. Anabwera kwa ine tsiku limene mwamuna wachilendo anagogoda pa geti ana ali okha pakhomo. Nthawi imeneyo positi inali itajambulidwa kale nkumayenda m'magulupu a WhatsApp, ndipo ndikuuzeni zoona, chimene chalowa mu foni za anthu pa WhatsApp palibe angachitulutse, ine sindingathe, kampaniyo singathe. Ya pa Facebook tinaichotsetsa, koma mayiyo anasintha nambala imene makasitomala ake anazolowera zaka zambiri, pamapeto pake anasamukanso. Akanabwera tsiku loyamba mwina geti lija sakanalisiya.

Ndiye musanabuloke, musanakalipe, jambulani sikirinishoti yoonetsa dzina la woika positiyo, dzina la gulupu, tsiku ndi mawu onse, ndi makomenti omwe. Kenako dinani timadontho titatu tapamwamba pa positi kapena pa Share mupeze Copy link, linkiyo muisunge penapake. Popanda linki mafomu onse amene ndikunena m'munsimu sayenda. Ndipo chonde musalembe mu komenti kuti chotsani nambala yanga. Mukatero mwatsimikizira aliyense kuti nambalayo ndi yeniyeni komanso ndi yanu, ndipo positi imene anthu akukanganapo ndi imene imakwera pamwamba nkuonedwa ndi ambiri.

Amene angachotse positi ndi atatu okha, woiikayo, adimini wa gulupu, ndi kampani ya Facebook yeniyeniyo. Ngati woikayo analibe mtima oipa, monga ajenti amene anatsatsa nyumba yanu ya lendi chaka chatha koma anthu akuimbabe, kapena wachibale amene anaika nambala yanu pa uthenga wa zopereka za maliro, ingomuimbirani, zimatha mu mphindi ziwiri. Muuzeni afufute positi yonse, asangosintha mawu, chifukwa pa Facebook munthu atha kudina View edit history nkuona zimene zinalembedwa poyamba, nambala ija ili pompo. Zimenezi ambiri sadziwa. Ngati ndi mdani musalimbane naye, pitani kwa adimini ku inibokisi, mutumizireni linki ndi mawu ochepa aulemu. Kwa ine njira ya adimini ndi imene imafulumira kuposa zonse chifukwa ndi munthu woti amamva Chichewa.

Kulipota kwa Facebook, dinani Report post musankhe zokhudza kuzunza kapena kufalitsa zinsinsi za munthu, malamulo awo amaletsa kuika nambala kapena kumene munthu amakhala iye asanalole. Koma apa pali vuto lathulathu. Kwathu kuno adilesi si nambala ya nyumba ndi dzina la msewu ayi, ndi kuseri kwa chigayo, moyang'anizana ndi mpopi. Woona lipoti lanu mwina Chichewa sachimva, kapena ndi makina chabe, ndiye amaona chiganizo wamba nkuyankha kuti palibe cholakwika. Musagwe ulesi, pemphani kuti aunikenso, ndipo pamene pali malo olemba fotokozani mu Chingerezi chachidule kuti mawu awa akulondolera anthu kunyumba kwanga. Zoitana anzanu 50 kuti onse alipote sizithandiza, Facebook yomwe imanena kuti kuchuluka kwa malipoti si kumene kumachotsa positi.

Ikakhala webusaiti yotsatsa malonda kapena ya kampani, lemberani eni ake imelo, linki, chimene mukufuna chichoke, ndi tsiku limene mwalemba. Muno m'Malawi tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 limene akuliyang'anira ndi a MACRA, limakupatsani mphamvu yopempha kampani kuti ifufute zokhudza inu, ndiye litchuleni mu kalatamo, ambiri amafewa. Ngati pali kuopseza kapena kukutsatani, lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limati kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu, tengani masikirinishoti aja mupite kupolisi tsiku lomwelo, osadikira kuti Facebook iyankhe kaye.

Google mubwere nayo kumapeto. Sakani nambala yanu m'njira zitatu, yoyamba ndi 0, yoyamba ndi +265, ndi yodukizadukiza, chifukwa anthu amalemba mosiyana. Kuyambira 2022 Google imalandira pempho loti ichotse nambala ya foni, adilesi kapena imelo pa zotsatira za kusaka, pali fomu yake. Koma mvetsani, Google imangochotsa chikwangwani cholozera, tsamba lenileni limakhalabe kumene lili. Ngati eni tsamba achotsa kale koma nambala ikuonekabe mukasaka, gwiritsani chida chotchedwa Refresh Outdated Content kuti Google ikaonenso tsambalo.

Tsopano za anyamata odzitcha ma haka amene amalowa mu inibokisi mukangodandaula pagulu. Mayi ndanena uja asanafike kwa ine anali atatumiza kale K30,000 kwa wina amene analonjeza kuti positi ichoka mu ola limodzi. Kenako anamuuza kuti ibwera khodi pa foni yanu munditumizire kuti ndimalize ntchito. Khodi imeneyo inali ya manambala 6 yolowera mu WhatsApp ya mayiyo, ndipo usiku omwewo abale ake anayamba kulandira mauthenga opempha ndalama mu dzina lake. Palibe munthu wakunja amene ali ndi kiyi yofufutira positi ya wina, ngakhale ine amene ndimagwira ntchito imeneyi ndimadutsa mwa adimini ndi mafomu omwewa, ndipo mafomuwo ndi aulere. Wina akakupemphani pasiwedi, khodi, kapena ndalama ya patsogolo, ameneyo ndi wakuba, mubulokeni. Ameneyo ndiye woyenera kumubuloka, koma naye mumujambule kaye.