Kanema wophunzitsa kuphika mandasi: dulani pomwe manja amaliza ntchito

Amayi ambiri ogulitsa mandasi ku Area 25 kapena ku Kawale akafuna kuphunzitsa anzawo pa foni, amajambula zonse mwakamodzi, mphindi 20 osaimitsa. Woonera amatopa, bandulo n'kumutheranso mtanda usanafufume. Pa ntchito yanga yokonza makanema, ndimayamba ndi pepala, foni ili m'thumba.

Lembani masitepe, iliyonse ikhale ndi ntchito imodzi yokha. Mandasi amakwana masitepe 5: kusakaniza zouma, kuthira madzi ofunda n'kukanda, kuvundikira mtanda kuti ufufume, kudula, kukazinga. Sitepe iliyonse muijambule payokha, masekondi 10 mpaka 15, foni itaimirira chotalika, osati chopingasa. Itsamiritseni pa chinthu cholimba, isasunthe, ndipo beseni libwerere pamalo omwewo nthawi zonse. Ine ndimaika chizindikiro cha choko patebulo. Beseni likasuntha pang'ono, mukadzalumikiza zidutswazo lidzaoneka ngati likudumpha.

Jambulirani pakhonde m'mawa, pamthunzi. Mukayambira panja n'kumalizira m'khitchini moyaka babu, mtanda womwewo uoneka woyera apa, wachikasu apo.

Mu CapCut, pulogalamu ya pa foni yokonzera makanema, ikani zidutswa motsatana, mudule ndi batani la Split. Poyenera kudula ndi pomwe dzanja lamaliza ntchito: fulawa wathiridwa, kapu ikuchoka. Pokanda, masekondi 5 akwana, koma onetsani chala chikudina mtanda kuti woonera adziwe kufewa kwake. Zimenezo mawu sangazifotokoze.

Tsopano mawu a pa sikirini, ndipo apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Wina akuonera ali mu minibasi yopita ku Old Town, foni atatseka mawu, ndiye chomwe mwalemba ndicho mphunzitsi wake. Dinani Text, kenako Add text, mulembe mwachidule: “1. Sakanizani fulawa makapu 4, shuga theka la kapu.” Yisiti ndi mchere zilembeni pamzere wina dzanja likamazithira. Mawuwo ayambe pomwe sitepe yayamba, athere pomwe yathera. Akalowerera kutsogolo, munthu awerenga “4. Dulani” mandasi ali kale m'mafuta. Muyeso wake ndi uwu: werengani mokweza kawiri, mosathamanga. Akazimiririka musanamalize, talikitsani chidutswacho kapena chepetsani mawu. Zilembo zoyera pa fulawa sizioneka, choncho ziikireni mdima kumbuyo. Zikhale chakumtunda, malo amodzimodzi, chifukwa pa TikTok m'munsi ndi kumanja mumadzaza mabatani ndi dzina lanu.

Pochoka pa sitepe ina kupita pa ina, musakongoletse. Zozungulira ndi zong'anima zija zimabisa manja pa nthawi yomwe munthu akufuna kuwaona. Ingodulani basi. Pamodzi pokha ndimalola chithunzi kusungunukira mu chinzake kwa theka la sekondi: pomwe mtanda wavundikiridwa ndi nsalu, kenako n'kuoneka utafufuma. Kusungunukako kumauza woonera kuti papita nthawi, ndipo mumalemba kuti “Dikirani mpaka ukule kawiri.”

Musanatumize, onetsani munthu amene sanaphikepo mandasi, mawu mutatseka, akutchulireni masitepewo. Pomwe wakakamira, bwererani pa chidutswa chimenecho.