Meyosisi yonse pa tsamba limodzi, bola mukhale ndi mabolopeni awiri

Ana ambiri okonzekera MSCE kuno ku Dedza akafika pa meyosisi, kugawikana kwa selo kumene kumapanga maselo oberekera monga umuna ndi dzira, amangoloweza mayina, purofezi metafezi anafezi telofezi, kenako kubwerezanso kachiwiri, ndiye mayeso akafunsa kuti nanga kusiyana kwa ana a mimba imodzi kumachokera pati amangoti kakasi. Ine monga mphunzitsi wa bayoloje ndimati mayinawo si vuto, vuto ndi loti mwana sanatsatirepo selo imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza uku akuwerenga makolomozomu ake. Pepala lowerengera la tsamba limodzi likuyenera kuchita zimenezo basi. Tengani pepala, mulipingase, bolopeni yofiira ndi yabuluu, ndipo musajambule selo ya munthu ya makolomozomu 46 ayi, simukwanitsa ndipo mungodetsa pepala. Jambulani selo ya makolomozomu 4 okha, awiri aatali awiri aafupi.

Ofiira akhale ochokera kwa bambo, abuluu kwa mayi. Ndiye muli ndi yaitali yofiira ndi yaitali yabuluu, imeneyo ndi peya imodzi, yaifupi yofiira ndi yaifupi yabuluu, peya yachiwiri. Makolomozomu a peya imodzi amanyamula majini a zinthu zofanana pa malo ofanana koma uthenga wake utha kusiyana. Pa yaitali yofiira lembani A kumtunda ndi B kumunsi, pa yabuluu a ndi b. Pa yaifupi yofiira D, pa yabuluu d. Zilembo zimenezi musazisiye, ndi zimene zikuonetseni kusiyanako kumapeto, popanda izo mungokhala ndi zithunzi zokongola zopanda nkhani.

Bokosi loyamba kumanzere si meyosisi ayi, ndi intafezi, nthawi imene selo ikukopera DNA yake. Kolomozomu iliyonse tsopano yakhala ndi timizere tiwiri tofanana ndendende totchedwa makolomatidi, togwirana pa kamfundo kotchedwa sentilomiya. Apa ndi pamene ana amayamba kutaya malikisi, amati makolomozomu akwana 8. Ayi, akadali 4, makolomatidi ndi amene ali 8. Werengani timfundo osati timizere, lamulo limeneli mulilembe pamwamba penipeni pa pepala. Ndipo kukopera kumachitika kamodzi kokha pamene kugawikana kumachitika kawiri, nchifukwa chake nambala imatsika ndi theka.

Purofezi yoyamba ipatseni malo aakulu kuposa mabokosi ena onse chifukwa ndi mmene muli nkhani. Makolomozomu amafupika ndi kunenepa, kachikopa kokuta nyukiliyasi kamayamba kutha, koma chachikulu nchakuti yaitali yofiira imapita kukagona pambali pa yaitali yabuluu, jini ndi jini kuyang'anizana, yaifupi chimodzimodzi. Mu maitosisi, kugawikana wamba kwa maselo pamene thupi likukula, zimenezi sizichitika. Zili chigonere choncho, kolomatidi imodzi yofiira ndi imodzi yabuluu zimaduka pa malo amodzimodzi n'kusinthana zidutswa, amene aja amati kirosing'i ova, ndipo pamene zapingasanapo ndi pa kayazima. Pa pepala lanu dulani pakati pa A ndi B. Kolomozomu yofiira tsopano ili ndi kolomatidi imodzi yosakhudzidwa ya AB ndi ina ya Ab yokhala ndi mchira wabuluu, yabuluu nayo ili ndi ab ndi aB ya mchira wofiira. Onani bwino, Ab ndi aB kunalibe kwa bambo kapena kwa mayi, zabadwa pompano. Ikani nyenyezi pa bokosi limeneli, ndi gwero loyamba la kusiyana.

Ena amafunsa kuti kodi zimenezi anaziona ndani kapena nzongoganiza. Anaziona, ndipo anazionera pa chimanga chomwechi timadyachi. Mu 1931 Harriet Creighton ndi Barbara McClintock ku Amereka anagwiritsa ntchito kolomozomu ya chimanga yomwe inali ndi kachotupa koonekera pa maikulosikopu kumapeto kwake, n'kuonetsa kuti majini akasinthana malo, zidutswa za kolomozomu zenizenizo zimakhalanso zasinthana. Chinthu china chofunika kudziwa, kusinthanaku kumakhala pakati pa yofiira ndi yabuluu, mukajambula makolomatidi awiri ofiira akusinthana palibe chimene chasintha poti ndi ofanana kale. Komanso majini awiri akakhala moyandikana kwambiri pa kolomozomu, mwayi woti kudukako kugwere pakati pawo umachepa, ndiye nthawi zambiri amayendera limodzi kupita kwa mwana.

Metafezi yoyamba, mapeya aja amandanda pakati pa selo, awiriawiri, wina kuyang'ana mbali iyi mnzake mbali inayo. Apa jambulani mabokosi awiri osati limodzi, olo malo achepe bwanji. Mu loyamba zofiira zonse ziyang'ane kumtunda, mu lachiwiri yaitali yofiira iyang'ane kumtunda limodzi ndi yaifupi yabuluu. Peya iliyonse imatembenuka payokha osafunsa inzake, zili ngati kuponya ndalama yachitsulo pa peya iliyonse, kugwa kwa yoyamba sikulamula kugwa kwa yachiwiri. Nyenyezi yachiwiri apa.

Anafezi yoyamba ulusi wa sipindo umakoka, yofiira uku yabuluu uko, koma timfundo sitiduka, kolomozomu iliyonse ikupita ndi makolomatidi ake awiri. Ukaona chithunzi cha mwana chili ndi timizere tokhatokha pa anafezi yoyamba ungodziwa kuti wajambula maitosisi. Telofezi yoyamba selo imagawika, maselo 2, iliyonse makolomozomu 2 makolomatidi 4. Nambala yatsika kale apa, osati kumapeto ayi, mayeso amakonda kutchera msampha pamenepa.

Gawo lachiwiri musataye nalo malo, mzere umodzi wakwana. Palibe kukoperanso DNA, makolomozomu amandanda mmodzimmodzi pa metafezi yachiwiri, timfundo timagawika pa anafezi yachiwiri, makolomatidi n'kupatukana, mapeto ake maselo 4 iliyonse makolomozomu 2 a kamzere kamodzi.

Tsopano werengani zilembo zija. Mukatsatira bokosi lomwe zofiira zinapitira limodzi mupeza ABD, AbD, aBd ndi abd, maselo anayi palibe yofanana ndi inzake. Mukatsatira bokosi linalo mupeza ABd, Abd, aBD ndi abD. Pamodzi mitundu 8. Pakanapanda kusinthana zidutswa kuja ikanakhala 4 yokha, ABD, abd, ABd ndi abD, yesani nokha muone, ndipo muyesedi, kungowerenga zimene ndalembazi sikulowa m'mutu. Samalani pano, selo imodzi ikagawika imatulutsa maselo 4 basi, 8 yo ndi mitundu imene ingatuluke maselo ambirimbiri akamagawika, ina kutsata njira iyi ina njira inayo.

Kumunsi kwa pepala lembani kasamu kamodzi, 2^n, pomwe n ndi nambala ya mapeya, yankho lake ndi mitundu imene ingatuluke chifukwa cha kutembenuka kwa mapeya kokha. Selo yathu ija 2^2 ndi 4. Chimanga chili ndi makolomozomu 20, mapeya 10, ndiye 2^10 ndi 1,024. Nyemba zili ndi 22, mapeya 11, zimapereka 2,048. Munthu mapeya 23, yankho ndi 8,388,608, ndipo apa sitinawerengere kusinthana zidutswa komwe kumachitika kamodzi kapena kangapo pa pafupifupi peya iliyonse. Ndiye umuna uliwonse utha kukumana ndi dzira lililonse, 8,388,608 kuchulukitsa ndi 8,388,608 zimapitirira 70 thiriliyoni. Koma chonde, kukumana kwa umuna ndi dzira si gawo la meyosisi, kulembeni kunja kwa mabokosi, funso likati tchulani njira ziwiri zimene meyosisi imabweretsera kusiyana yankho ndi nyenyezi ziwiri zija. Ndiponso meyosisi sipanga jini yatsopano, imangosakaniza zomwe zilipo kale, jini yatsopano imabwera DNA ikasintha yokha, nkhani ina imeneyo.

Makolo amene mukuwerenga, zimenezi mumaziona kumunda chaka ndi chaka. Chimanga cha haibulidi chogula m'paketi chimamera chofanana msinkhu, kumasula nthawi imodzi, chifukwa njere iliyonse inalandira mbali imodzi kwa kholo limodzi ndi mbali ina kwa kholo linalo, zofanana m'munda monse. Koma m'ngayaye ndi m'chisononkho chake meyosisi ikuchitika, kusakaniza mbali ziwiri zija, ndiye mukatapa m'nkhokwe n'kubzalanso chaka chamawa mumaona china chachitali china chachifupi, china kuchedwa kucha, zokolola n'kutsika. Alangizi akamati musabzalenso haibulidi sikuti akungofuna kugulitsa mbewu ayi. Pomwe kachewere amene amadzaza ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano timabzala mbatata yakeyo, yomwe imakula ndi maitosisi, ndiye mwana amafanana ndi kholo, mtundu sumasokonekera. Akamafooka pakapita zaka nthawi zambiri amakhala matenda a mavailasi ndi ena amene akuyenda ndi mbewuyo, osati kusakanikirana kwa majini.

Ngodya yotsala ya pepala isungireni zinthu ziwiri zazifupi. Choyamba, maselo anayi aja onse amakhala umuna kwa mwamuna, koma kwa mkazi kugawikanako sikofanana, selo imodzi imatenga pafupifupi zonse n'kukhala dzira, tinato timangokhala tating'ono n'kufa. Chachiwiri ndi pamene zinthu zalakwika, peya ikakanika kupatukana pa anafezi yoyamba, kapena makolomatidi pa yachiwiri. Pa selo yathu ya 4 ija, peya yaifupi ikapita mbali imodzi yonse pa anafezi yoyamba mupeza maselo awiri a makolomozomu 3 ndi awiri a kolomozomu 1, onse anayi olakwika, koma zikalakwika pa anafezi yachiwiri mu selo imodzi, awiri amatuluka bwinobwino ndi 2, ina 3 ina 1. Umu ndi mmene mungadziwire pamene vuto lachitikira mukapatsidwa chithunzi. Kwa munthu dzira kapena umuna zikatenga kolomozomu nambala 21 kawiri, mwana amakhala ndi 47 m'malo mwa 46, ndi amene amabadwa ndi vuto lija la Dauni, ndipo mwayi wake umakwera mayi akamakula msinkhu. Si ufiti, si kuti mayi anadya chinachake kapena analakwira mwambo, ndi peya imodzi yomwe sinapatukane, kawirikawiri dziralo likupangidwa mimba isanayambe n'komwe.