Chiwongoladzanja chikatsika, golide amakwereranji? Mafunso ndi mayankho

Ndimamva akuti "chiwongoladzanja chenicheni". Kodi chiliponso chabodza?

Chabodza ayi, koma chimene banki imakulemberani papepala sichinena nkhani yonse. Tiyerekeze kuti mwasungitsa madola 1,000 pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti. Chaka chikatha muli ndi 1,050. Ngati mitengo ya zinthu yakwera ndi 2 peresenti m'chaka chomwecho, katundu amene ankagulidwa 1,000 tsopano ali pa 1,020, ndiye phindu lanu lenileni ndi madola 30, pafupifupi 3 peresenti. Koma mitengo ikakwera ndi 7 peresenti, katundu yemwe uja ali pa 1,070, ndipo ndalama zanu zaperewera ndi madola 20 ngakhale zachuluka powerenga. Chenicheni ndiye chimene chatsala mukachotsa kukwera kwa mitengo, ndipo chimatha kupita pansi pa ziro.

Nanga golide akubweramo bwanji?

Golide sabala. Mukasunga aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31 ndi pang'ono, zaka khumi zikatha idzakhalabe aunsi imodzi, mwinanso mutalipira malo osungira. Wogula golide aliyense amakhala atasiya chiwongoladzanja chimene akanalandira akanabwereketsa ndalamazo ku boma kapena kuzisiya kubanki.

Apa ndiye pagona nkhani. M'chitsanzo choyamba chija, kusunga golide wa madola 1,000 kumakutayitsani madola 30 chaka chilichonse, ndiye ambiri amamusiya. M'chachiwiri simutaya kanthu, chifukwa amene wasiya ndalama kubanki ndiye akuluza. Chilema cha golide, chosabala chija, chimasiya kuoneka. Ogula amachuluka, pomwe migodi singawonjezere golide msanga (mgodi watsopano umatenga zaka zambiri kuti uyambe kutulutsa), choncho nthawi zambiri mtengo umakwera.

Ndiyang'ane chiwongoladzanja cha dziko liti?

Cha ku Amereka, popeza pamsika wa dziko lonse golide amagulitsidwa m'madola. Odziwa msikawu amatsata mapepala a ngongole ya boma la Amereka, kapena kuti mabondi, a zaka khumi otchedwa TIPS, amene ndalama zake zimawonjezeredwa molingana ndi kukwera kwa mitengo. Nambala imene mumaiona pa mabondi amenewa ndi chiwongoladzanja chenicheni kale, simuchotseranso kanthu.

Zinachitikapo, kapena n'zongolemba m'mabuku?

Zinachitika kangapo. Kufikira 1971 boma la Amereka linkasinthitsa golide pa madola 35 aunsi imodzi. Litasiya, mitengo ya zinthu inathamanga m'zaka za m'ma 1970, nthawi zambiri kuposa chiwongoladzanja, ndipo mu Januwale 1980 golide anafika madola 850. Kenako Paul Volcker, mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, anakweza chiwongoladzanja kufika cha m'ma 20 peresenti. Kusunga ndalama kunayambanso kupindulitsa, golide anagwa, ndipo madola 850 aja sanawaonenso mpaka 2008.

Chitsanzo china ndi cha 2020. Mliri wa korona utavuta, banki yaikulu ija inatsitsa chiwongoladzanja kufika pafupi ndi ziro, cha TIPS chinatsikira cha m'ma 1 peresenti pansi pa ziro, ndipo mu Ogasiti golide anadutsa madola 2,000 koyamba.

Ndiye mitengo ya zinthu ikangokwera, golide akwera basi?

Ayi, ndipo oyamba kumene ambiri amapunthwa pomwepa. Mitengo ikakwera ndi 6 peresenti koma chiwongoladzanja n'kukwezedwa kufika 9, wosunga ndalama akupindulabe ndi 3, ndipo golide alibe chomukankha. Nambala ziwirizi muziziona pamodzi nthawi zonse. Komanso msika umayenda ndi zimene anthu akuyembekeza, osati zimene zachitika kale. Amalonda akangoganiza kuti chiwongoladzanja chitsitsidwa miyezi ikubwerayi, amagula lero, moti tsiku lolengeza likamafika mtengo umakhala utakwera kale.

Bwanji mukuti "nthawi zambiri", osati "nthawi zonse"?

Chifukwa cha zaka ngati 2022. Chaka chimenecho chiwongoladzanja cha TIPS chinachoka pansi pa ziro n'kudutsa 1.5 peresenti, kulumpha kumene kukanayenera kumugwetsa kwambiri golide. Anatsikadi pakati pa chaka, koma anachimaliza ali pafupifupi pomwe anayambira. Chimodzi mwa zimene zinamugwiriziza n'chakuti mabanki aakulu a mayiko anagula matani opitirira 1,000 chaka chimenecho. Ogula amenewa sawerengera kwambiri za chiwongoladzanja chimene asiya; amafuna chuma chimene boma lina silingachitsekere, makamaka ataona ndalama za banki yaikulu ya Rasha zimene zinali kunja zikutsekeredwa nkhondo ya ku Yukireni itayamba.

Ine ndikaona golide akukwera pamene cha TIPS nachonso chikukwera, sindifulumira kunena kuti lamulo latha. Ndimayamba ndafufuza amene akugula: mabanki aakulu, kapena anthu amene agwidwa ndi mantha a nkhondo ndi kugwa kwa mabanki.