Fayilo ya Ubuntu muziyamba mwaipima musanailembe pa fulashi

Tiyerekeze kuti sukulu ina ya sekondale ku Angoniya yalandira makompyuta 20 ogwirapo kale ntchito, ndipo aphunzitsi a zamakompyuta akufuna kuikamo Ubuntu 24.04, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows, yemwe anatuluka mu Epulo 2024. Sikofunika kumutsitsa pa intaneti maulendo 20. Mumatsitsa kamodzi fayilo imodzi yothera ndi `.iso`, n'kuilemba pa fulashi, fulashiyo n'kumazungulira makompyuta onse. Koma fayiloyo ndi yaikulu pafupifupi 6 GB, ndipo ikalumala panjira, chilema chakecho chimafika pa kompyuta iliyonse.

Yambani mwawerengera nthawi. Netiweki ikamathamanga 5 Mbps osagwedera, 6 GB imatenga maola awiri ndi mphindi 40. Ikatsika kufika pa 2 Mbps, ndi maola oposa 6. Kwa munthu yemwe akukoka intaneti pa foni ku Ulongwe kapena ku Tsangano, maola amenewa ndi ambiri: netiweki iduka, magetsi athima, kapena mamega atha. Ndiye musadalire bulawuza yokha, chifukwa nthawi zina ikadukiza imayambiranso pachiyambi, mamega aja n'kupita pachabe. Windows 10 ndi 11 ali kale ndi `curl`, kapulogalamu kotsitsira mafayilo. Tsegulani `cmd`, pomwe mumalemba malamulo mu Windows, mulembe:

```
curl -L -C - -O https://releases.ubuntu.com/24.04/ubuntu-24.04.3-desktop-amd64.iso
```

Ka `-C -` ndiko kofunika. Zikaduka, bwerezani lamulo lomweli mu foda yomweyo, ndipo lipitiriza pamene linalekezera. Nambala yotsatira 24.04 imasintha akatulutsa fayilo yatsopano, choncho koperani dzina lomwe mukuliona pa tsamba la `releases.ubuntu.com/24.04` tsiku limenelo.

Fayilo ikafika, anthu ambiri amangoyang'ana kukula kwake n'kukhutira. Kukula sikutsimikizira kanthu, pakuti fayilo imatha kukwana bwinobwino pomwe kachigawo kena m'kati kasokonekera. Patsamba lomwe lija pali kafayilo kakang'ono kotchedwa `SHA256SUMS`. M'menemo, pambali pa dzina la fayilo yanu, muli mzere wa zilembo ndi manambala 64 womwe uli ngati chidindo cha chala cha fayilo yeniyeniyo. Inunso werengetsani mzere wa fayilo yanu:

```
certutil -hashfile ubuntu-24.04.3-desktop-amd64.iso SHA256
```

Kenaka yerekezani mizere iwiriyo. Kachigawo kamodzi kokha kakasintha mu fayilo, mzere wonse umatuluka wachilendo, moti simungalephere kuona kusiyana. Ikafanana, pitirirani. Ikasiyana, musalembe fayiloyo pa fulashi ngakhale mutatopa chotani. Mukatero mudzaona kompyuta ikuyaka bwino, ikuyamba kuika Ubuntu, kenaka n'kuima pakati ndi uthenga wa vuto, ndipo mudzataya tsiku mukuganizira hadi disiki yomwe ilibe mlandu. Kupimaku n'kwa mphindi zochepa chabe. Ndimalangizanso kupima fayilo yomwe mnzanu wakubweretserani kuchokera mumzinda wa Tete, chifukwa kukopera nakonso kumawononga.

Pokoperapo pali msampha wina. Mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32, njira yosungira mafayilo yomwe silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Windows adzakuuzani kuti fayilo yakula kwambiri pomwe malo alipo ambiri. Fulashi yonyamulira fayilo ikhale ya exFAT kapena NTFS.

Komatu kunyamula ndi kwina, kulemba ndi kwina. Kungoponya `.iso` m'fulashi sikuchititsa kompyuta kuyakira pamenepo. Pamafunika pulogalamu ngati Rufus, yomwe imakonza fulashi yonse kuti kompyuta iyambirepo. Tengani fulashi ya 8 GB kapena kuposa, chotsani zonse zofunika chifukwa zifufutika, ndipo zulani mafulashi ena kuti musasankhe yolakwika. Mu Rufus, pa `Partition scheme`, `GPT` ndi ya makompyuta okhawo oyakira UEFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta. Ngati m'chipindamo muli osakanikirana, akale ndi atsopano, siyani pa `MBR`, yomwe pa fayilo ya Ubuntu imayatsa mitundu yonse iwiri.

Chenjeraninso ndi fulashi yotchipa modabwitsa ya pamsika. Ina imalembedwa 64 GB pomwe m'kati muli malo ochepa, ndipo ikadzaza imataya zomwe mukulemba osanena kanthu. Pulogalamu ya H2testw imaidzaza n'kuiwerenganso, ndipo bodzalo limaonekera pomwepo.

Yesani kaye pa kompyuta imodzi, makamaka yakale kwambiri. Poyatsa dinani F12 pa Dell kapena F9 pa HP, musankhe fulashi, kenaka `Try or Install Ubuntu`. Onani ngati kiyibodi, mawu ndi netiweki zikugwira. Ubuntu ameneyu amafuna RAM yosachepera 4 GB, ndiye ngati makompyuta ambiri ali ndi yochepera apo, dziwani zimenezi musanagule mamega, mutsitse Lubuntu yemwe ndi wopepukirapo. Ya kompyuta yoyambayo ikatheka, lembani mafulashi ena atatu kapena anayi kuchokera pa fayilo yopimidwa ija, kuti makompyuta angapo aziikidwa nthawi imodzi magetsi akadalipo.